Mbendera ndi penanti pa tchati: yambani ndi mlongoti

Pafupifupi sabata iliyonse wina amanditumizira chithunzi cha tchati cha mitengo ya pa msika atajambulapo mizere iwiri, ndipo funso limakhala lomwelomwelo: "Kodi iyi ndi mbendera? Ndigule?" Ndayankha mpaka malovu kuuma, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti wofunsa wotsatira ndizingomulozera pano. Zithunzi zambiri zimene ndimalandira vuto lake ndi limodzi. Munthu waona nsalu, koma mlongoti wopachikapo nsaluyo palibe.

Tigwirizane kaye mawu. Mtengo wa sheya, wa ndalama zakunja kapena wa golide ukathamanga mwadzidzidzi kulowera mbali imodzi, pa tchati pamaoneka chinthu chowongoka ngati chimene timakwezapo mbendera. Ndizichitcha mlongoti, chifukwa ndikati mtengo wa mbendera tisokonezana ndi mtengo wogulira. Liwirolo likatha, msika umapuma pang'ono. Kupumako kukachitika pakati pa mizere iwiri yoyendera limodzi osakumana, imeneyo ndi mbendera. Kukachitika pakati pa mizere iwiri imene ikuyandikirana mpaka kukakumana kutsogolo, timati penanti, kambendera kosongoka kaja. Zonse ziwiri zimanena chinthu chimodzi: mwina ulendo sunathe, msika wangoima kuti upezeko mpweya, ndipo upitiriza kumene umalowera.

Amalonda amatcha msika wokwera dzina la nkhunzi, akuti poti nkhunzi imagunda ndi nyanga chokweza m'mwamba, ndipo msika wotsika amati wa chimbalangondo, chimene chimamenya chotsitsa pansi. Pa mapulogalamu a matchati mudzaona mayina akuti Bull Flag, Bear Flag, Bullish Pennant ndi Bearish Pennant. Ine ndizingoti mbendera yokwera ndi mbendera yotsika, kutengera kumene mlongoti walowera.

Kupuma kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Mtengo ukakwera msangamsanga, amene anagula poyamba amayamba kugulitsa kuti aike phindu m'thumba. Amene anachedwa safuna kugula pamwamba, amadikira kuti utsikeko. Ndiye mtengo umatsetsereka pang'onopang'ono, popanda wina wopanikizika. Ogulitsa aja akatha, odikira aja n'kuona kuti kutsika kwenikweni sikubwera, amalowa, mtengo n'kunyamukanso. Mukasunga chithunzi chimenechi m'mutu, zonse zimene zili m'munsimu mudziwa chifukwa chake.

Ndigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi chongopeka cha sheya pa tchati cha tsiku ndi tsiku, pamene kandulo imodzi, kamzati kosonyeza pamene mtengo unatsegulira, pamene unafika ndi pamene unatsekera, ikuimira tsiku limodzi.

1. Pezani mlongoti, ndipo dziwani pamene wayambira

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadutsapo ndi chiganizo chimodzi, chonsecho ndi pamene anthu amasochera. Ndikhalapo nthawi yaitali.

Sheya yathu yakhala masabata asanu ndi limodzi ikungozungulira pakati pa 46 ndi 50. Ikafika pa 50 imabwerera, ikafika pa 46 imadzuka. Tsiku lina ikutseka pa 52.5, mawa lake pa 55, ndipo pofika tsiku lachisanu yagunda 62. Makandulo asanu, aatali, ambiri mwa iwo atseka pafupi ndi nsonga yawo ya pamwamba, ndipo sakubisana. Umenewo ndi mlongoti.

Tsopano yerekezani kuti sheya yomweyo yachoka pa 50 kufika pa 62 koma m'miyezi itatu, ikukwera masiku awiri, kutsika limodzi, kukweranso. Mtunda ndi womwewo, koma umenewo si mlongoti. Ndi msika wongokwera mwachizolowezi, ndipo kutsikako pang'ono pambuyo pake sikutanthauza kanthu kapadera. Chimene chimapanga mlongoti ndi kufulumira, osati kutalika kokha. Njira yosavuta yoyesera ndi iyi: onani kutalika kwa makandulo a m'masabata apitawo. Ngati tsiku wamba sheyayi imayenda pafupifupi 1, ndiye mwadzidzidzi ikuyenda 2 kapena 3 masiku otsatizana, chasintha chilipo. Ngati mukuchita kuyandikitsa maso pa sikirini kuti muone mlongoti, dziwani kuti palibe.

Chovuta kwenikweni ndi pamene muyambire kuyeza. Diso limakonda kuthamangira pansi penipeni, pa 46, chifukwa ndi pamene mzere wa mtengo unayambira kukwera. Mukayeza kuchokera pa 46 mupeza 16. Koma kuchokera pa 46 kufika pa 50 msika unali ukadali m'khola lake lakale, unali usanachite chachilendo. Liwiro linayamba pamene unathyola mpanda wa 50. Choncho mlongoti ndi kuyambira pa 50 kufika pa 62, kutalika kwake 12.

Kusiyana kwa 12 ndi 16 kukuoneka kochepa, koma kumakunamizani kawiri. Koyamba, kumakupatsani malo okafika akutali kuposa oyenera, ndiye mumakhalabe mukudikira phindu msika utabwerera kale. Kachiwiri, kumachititsa kuti kutsika kwa mkati mwa mbendera kuoneke kochepa. Mtengo ukatsika ndi 7, pa mlongoti wa 16 mumati sunafike theka, zili bwino, pamene pa mlongoti weniweni wa 12 wapitirira kale theka. Ine chimenechi chinandilumapo. Ndinayeza kuchokera pansi penipeni chifukwa nambala yake inkandisangalatsa, ndinasunga malonda amene anali ndi phindu labwino ndikudikira malo amene msika sunafikeko, mpaka phindu lonse linasungunuka ndikuyang'ana.

Nanga ngati panalibe mpanda woonekera bwino ngati wa 50 uja? Bwererani m'mbuyo kandulo ndi kandulo kuchokera pansonga, mpaka mupeze kandulo yoyamba imene ikusiyana msinkhu ndi zinzake zakale. Yambirani pansi pa kandulo imeneyo. Mukakhala ndi malo awiri oti mungayambire ndipo mukukayika, sankhani amene akupereka mlongoti waufupi. Mukalakwitsa mbali imeneyo, mwangotuluka msanga ndi phindu locheperapo, basi.

Onaninso voliyumu, kutanthauza kuchuluka kwa masheya amene asinthana manja pa tsikulo. Pa mapulogalamu ambiri ndi timizati ta pansi pa tchati, pa dzina lakuti Volume. M'chitsanzo chathu, tiyerekeze kuti tsiku wamba pamagulitsidwa masheya 200,000, koma m'masiku asanu a mlongoti akumafika 600,000 ndi kupitirira. Zimenezi zikusonyeza kuti anthu ambiri ndiwo akukankha mtengo. Mtengo wodumpha voliyumu ili yochepa kawirikawiri ndi wa sheya imene ogula ndi ogulitsa ake ndi owerengeka, ndipo umatha kubwerera mofulumira ngati mmene unakwerera.

2. Lolani nsalu ipangike musanajambule

Makandulo awiri ofiira, a masiku amene mtengo watsika, pambuyo pa mlongoti si mbendera. Kuti mujambule mzere wa pamwamba pakufunika nsonga ziwiri kapena kuposerapo, ndipo wa pansi chimodzimodzi. Pa tchati cha tsiku ndi tsiku zimenezi sizingakwane masiku osafika anayi kapena asanu.

Sheya yathu itagunda 62 ikuyamba kutsetsereka. Nsonga za pamwamba zikutsika pang'onopang'ono: 61.7, kenako 61.1, kenako 60.5. Za pansi nazonso zikutsika mofanana, mpaka pa tsiku lachisanu ndi chimodzi yafika pa 58.5. Mukalumikiza nsongazo mupeza kanjira kopapatiza kopendekera pansi, motsutsana ndi mlongoti. Umu ndi mmene mbendera yokwera imayenera kuonekera: yopendekera pansi pang'ono, kapena yogona chopingasa. Mbendera yotsika imapendekera m'mwamba.

Ikakhala penanti, nsonga za pamwamba zimatsika pamene za pansi zikukwera, makandulo n'kumafupika tsiku ndi tsiku. Anthu amataya nthawi kukangana ngati chimene akuona ndi mbendera kapena penanti. Kwa wochita malonda palibe kusiyana kwenikweni, poti kayezedwe ndi kalowedwe ndi kamodzi.

Musakakamize mizere. Ngati kuti mzere ugwirizane mukufunika kudula pakati pa makandulo atatu, msika sukuuona mzerewo, mukuuona nokha.

3. Ifunseni nsaluyo mafunso atatu

Kupuma ndi kubwerera m'mbuyo zimayamba mofanana. Zonse zimayamba ndi kutsika pambuyo pa kukwera, ndipo palibe amene angazisiyanitse pa tsiku loyamba. Mafunso atatu awa ndi amene amathandiza.

Loyamba, yatsika mpaka pati? Gawani kutsikako ndi kutalika kwa mlongoti. Kwa ife, kuchokera pa 62 kufika pa 58.5 ndi 3.5, ndipo 3.5 pa 12 ndi pafupifupi 29 peresenti. Mbendera yabwino imadya gawo limodzi mwa magawo atatu a mlongoti kapena kucheperapo. Malire amene amalonda ambiri amagwiritsa ntchito ndi theka, ndipo theka la mlongoti wathu lili pa 56. Lembani nambala imeneyi tsiku lomwe mwayeza mlongoti, mtima usanayambe kukunyengererani. Mtengo ukatseka pansi pa 56, ndiye kuti ogulitsa salinso ongotenga phindu, alipo ena amene akuthawa. Fufutani mizere yanu.

Lachiwiri, yatenga nthawi yaitali bwanji? Pa tchati cha tsiku ndi tsiku, mbendera ndi penanti zimatha pakati pa sabata imodzi ndi masabata atatu. Zikapitirira pamenepo, moto wa mlongoti wazirala, ndipo chimene mukuona chasanduka chinthu china chokhala ndi malamulo ake. Penanti yotenga miyezi iwiri si penanti, ndi kona zitatu wamba, imene imatha kuboola mbali iliyonse. Pa matchati a ola limodzi kapena a mphindi 15 musawerenge masabata, werengani makandulo, kuyambira asanu mpaka pafupifupi 15 kapena 20. Ine ndimakondanso kuyerekeza ndi mlongoti: ngati unamangidwa ndi makandulo asanu, nsalu ya makandulo 30 yaulemera.

Lachitatu, voliyumu ikuchita chiyani? Iyenera kuphwa. M'chitsanzo chathu ikutsika kuchoka pa 600,000 kufika pa 300,000, kenako 200,000, ndipo pofika kumapeto kwa mbendera ili pa 150,000, pansi pa ya tsiku wamba. Kumeneko ndiko kutha kwa ogulitsa kumene ndinanena kuja. Koma mukaona mtengo ukutsika voliyumu ikukwera, makamaka pa makandulo ofiira aatali, pali wina wamkulu amene akutsitsa katundu wake pa anthu obwera mochedwa. Pa mafunso atatuwa, limeneli ndi limene ndimalikhulupirira kwambiri.

Kwa amene mumachita malonda osinthanitsa ndalama zakunja, dziwani kuti msika umenewo ulibe malo amodzi owerengera malonda onse. Voliyumu imene pulogalamu yanu imaonetsa nthawi zambiri ndi chiwerengero cha kangati mtengo wasintha kwa bulokala wanuyo, kampani imene mumagulira ndi kugulitsira. Imathandizako kuona ngati msika watentha kapena wazizira, koma musaiike pa mlingo umodzi ndi voliyumu ya masheya. Kumeneko yang'anani kwambiri kufupika kwa makandulo.

Chenjezo lina pompano. Mukaona mlongoti wokwera, kenako kanjira kopapatiza kamene nakonso kakukwera pang'onopang'ono, mizere ikuyandikirana, musakatche mbendera. Ogula akukankhabe koma mphamvu zikuwathera, ndipo mapeto ake amatha kukhala kugwa.

4. Werengetsani musanalowe

Masamu onse achitike mtengo ukadali mkati mwa nsalu. Ukaboola, mtima umathamanga, ndipo munthu wothamanga mtima sawerengetsa bwino.

Pakufunika manambala atatu. Yoyamba ndi pamene mtengo udzaboolere. Mzere wathu wa pamwamba ukutsika tsiku lililonse, ndipo pa tsiku lachisanu ndi chiwiri uli pa 60. Yachiwiri ndi malo okafika. Lamulo lakale limati mbendera imapachikidwa pakati pa mlongoti, kutanthauza kuti ulendo wotsala umafanana kutalika ndi woyamba. Ndiye mumatenga kutalika kwa mlongoti n'kuwonjezera pamalo oboolera.

```
62 - 50 = 12
60 + 12 = 72
```

Ena amawonjezera 12 uja pansi pa mbendera, pa 58.5, n'kupeza 70.5. Njira zonse ziwiri zimagwiritsidwa ntchito, ndipo yachiwiriyi ndi yodzichepetsa. Chimene simuyenera kuchita ndi kuwonjezera pansonga ya mlongoti, pa 62. Ndipo 72 uja si lonjezo. Ndi muyeso wokuthandizani kuona ngati malondawo ali oyenera kuwalowa. Mbendera zambiri zimaboola bwinobwino koma osakafika kumene muyeso unaloza.

Nambala yachitatu ndi pamene mudzavomereze kuti mwalakwitsa. Pa pulogalamu ndi bokosi lolembedwa Stop Loss, lamulo lokugulitsirani lokha mtengo ukatsika kufika pamenepo, amalonda amangoti sitopu. Malo ake ndi pansi pa nsonga yotsikitsitsa ya mbendera, chifukwa mtengo ukakafika kumeneko ndiye kuti nkhani yonse ya kupuma ija inali yabodza. Nsonga yathu ndi 58.5. Musaike sitopu pa 58.5 penipeni, poti aliyense akuona nambala yomweyo ndipo msika umakonda kukanyambita pamenepo n'kubwerera. Isiyireni mpata, tinene pa 58.

Tsopano yerekezani zimene mungataye ndi zimene mungapeze. Mukagula pa 61, mungataye 3 pa sheya iliyonse, ndipo mungapeze 11. Limenelo ndi phindu loposa katatu chimene mwaika pachiswe. Ine sindilowa ngati silikufika kawiri, chifukwa mbendera zina zimalephera ndithu, ndipo zopambana ziyenera kulipira zolepherazo.

Kuchuluka kwa masheya ogula kumachokera pa sitopu, osati pa mmene mukuikondera mbenderayo. Tinene kuti muli ndi 10,000 mu akaunti ndipo mwadziikira lamulo losataya kuposa 1 peresenti pa malonda amodzi, kutanthauza 100.

```
61 - 58 = 3
100 / 3 = 33
```

Mugula masheya 33, amene akudyerani 2,013. Anthu ambiri akaona nambala imeneyi amakhumudwa kuti ndi yochepa, n'kuyamba kukokera sitopu pafupi, pa 60, kuti agule masheya 100. Pamenepo sitopu ili mkati mwa phokoso la tsiku ndi tsiku, ndipo idzagundidwa ngakhale mbenderayo itakhala yoona.

5. Dikirani kandulo itseke

Mtengo kudutsa mzere masana si kuboola. Umatha kusuzumira pa 60.4 m'mawa, madzulo n'kutseka pa 59.3, kusiya kamchira kakatali pamwamba pa kandulo. Amene anagula pa kusuzumirako agwidwa. Kuboola kwenikweni ndi kandulo kutseka kunja kwa mzere, voliyumu itadzukanso. Kwa ife, tsiku lachisanu ndi chiwiri sheya ikutseka pa 60.8, masheya 500,000 atasinthana manja. Mawa lake m'mawa mukugula pa 61.

Kudikira kumeneku kuli ndi mtengo wake, ndipo sindikubisirani. Nthawi zina kandulo yoboola imakhala yaitali kwambiri. Tiyerekeze kuti m'malo mwa 60.8 yatseka pa 66. Sitopu ikadali pa 58, malo okafika akadali pa 72. Tsopano mukuika 8 pachiswe kuti mupeze 6. Mbendera inali yoona, munaiwerenga bwino, koma malonda atha. Isiyeni ipite. Kawirikawiri mtengo umabwerera kudzagunda mzere umene unaboola usanapitirize, ndipo ukatero mutha kulowa pamenepo. Ukapanda kubwerera, simunataye kanthu.

Pali chinthu china chimene ambiri amaiwala. Mukaboola mzere wa mbendera pa 60, kutsogolo kwanu kukadali 62, nsonga ya mlongoti. Pamenepo pali anthu amene anagula pamwamba penipeni, akhala sabata yonse ali m'madzi, ndipo akungodikira kuti mtengo ubwerere agulitse osaluza. Mbendera zofooka zimafera pomwepo. N'chifukwa chake amalonda ena sagula mpaka 62 itadutsidwa, amaikiratu lamulo la Buy Stop, lowagulira lokha mtengo ukafikapo, pamwamba pake pang'ono. Akalowa pa 62.3 amaika 4.3 pachiswe kuti apeze 9.7, zimene zikupitirirabe kawiri. Amalipira mokwererapo kuti agule chitsimikizo. Kwa woyamba kumene, ine ndimalangiza njira imeneyi.

Musanadine batani, onani kalendala. Ngati kampaniyo ikulengeza zotsatira za malonda ake mawa, kapena banki yaikulu ikulengeza za chiwongola dzanja, mtengo utha kudumpha usiku n'kutsegula pansi pa sitopu yanu. Sitopu ya pa 58 imagulitsa pa mtengo woyamba umene yapeza, ngakhale utakhala 53.

6. Mukalowa, yang'anirani zinthu ziwiri

Choyamba ndi kubwerera mkati. Mtengo ukaboola n'kudzatsekanso mkati mwa mbendera pasanathe masiku awiri kapena atatu, makamaka voliyumu ili yambiri, simukakamizidwa kudikira sitopu. Mutha kutuluka ndi kabala kakang'ono. Mbendera yolephera imagwa mofulumira, chifukwa onse amene anagula pa kuboola amathamangira khomo limodzi.

Chachiwiri ndi 62 uja. Ukadutsidwa n'kutseka pamwamba pake bwinobwino, mutha kukweza sitopu kufika pamene munagulira. Ambiri amagulitsa theka la masheya pakati pa ulendo, cha pa 66 kapena 67, n'kusiya otsalawo akafike pa 72 sitopu ikutsatira pansi pa nsonga zatsopano za pansi. Sitopu imakwera basi, siibwerera pansi. Tsiku limene mudzadzipeze mukuitsitsa kuti muupatse msika mpata, dziwani kuti mwasiya dongosolo lanu.

7. Mbendera yotsika: zonse chadodolido, kupatula zinthu zingapo

Tengani sheya ina imene yakhala ikutsamira pa 80 kwa nthawi yaitali. Ikuthyola 80 n'kugwa kufika pa 70 m'masiku anayi. Mlongoti ndi 10, wolozera pansi. Kenako ikudzuka kufika pa 73, kubwerera pa 70.4, kukwera pa 72.3, kutsika pa 70.8, makandulo akufupika, voliyumu ikuphwa. Imeneyo ndi penanti yotsika. Yabweza 3 pa 10, sinafike theka limene lili pa 75. Ikaboola mzere wa pansi cha pa 71 n'kutseka kunja, malo okafika ndi 71 kuchotsa 10, kutanthauza 61. Sitopu ikhale pamwamba pa 73, tinene pa 73.5. Wogulitsa pa 70.5 akuika 3 pachiswe kuti apeze 9.5, ndipo mpanda wake woyamba ndi 70, pamene mlongoti unathera.

Pa penanti, onaninso pamene kuboola kukuchitikira. Kukachedwa mpaka mtengo kufika pansonga penipeni pamene mizere ikukumana, mphamvu zimakhala zatha, ndipo mtengo umangotuluka chokwawa popanda kolowera.

Kusiyana koyamba ndi voliyumu. Kuti mtengo ukwere pamafunika ogula atsopano, koma kuti ugwe zimangofunika kuti ogula asowe. Choncho kuboola kolowera pansi kumatha kukhala koona ngakhale voliyumu isanadzuke kwambiri. Kwachiwiri ndi liwiro. Mantha amathamanga kuposa dyera, ndiye mbendera zotsika zimakonda kukhala zazifupi, ndipo kudzuka kwa mkati mwake kumakhala kwaukali moti kumaoneka ngati msika wachira.

Kwachitatu n'kwakukulu. Kuti mupindule ndi kugwa kwa mtengo muyenera kugulitsa chimene mulibe, kubwereka masheya kwa bulokala kuti mudzawagule motsika n'kubweza, kapena kugwiritsa ntchito mapangano otsatira mtengo. Si misika yonse imene imalola zimenezi, pamakhala zolipira za kubwerekako, ndipo kuluza kwake kulibe denga. Sheya yogula singatsike kupitirira ziro, koma yobwereka itha kukwera mpaka kalekale. Apa sitopu si nkhani yokambirana.

Ngakhale simuchita malonda otere, mbendera yotsika ikuthandizanibe. Sheya ikagwa kuchoka pa 80 kufika pa 70 n'kuyamba kukwawira m'mwamba, anthu ambiri amati yatchipa, tiyeni tigule isanabwerere. Musanatero, ifunseni mafunso atatu aja. Ngati yadzuka pang'ono chabe, voliyumu ikuchepa pamene mtengo ukukwera, ndipo sipanathe masabata atatu, mwina mukugula mkati mwa nsalu, theka lachiwiri la kugwa likadali kutsogolo.

8. Bwererani m'mbuyo muone tchati chonse

Ichi ndachiika kumapeto, koma chitani musanaike ndalama. Chepetsani tchati muone miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka. Mbendera yoyamba pambuyo pothyola mpanda wakale, ngati ya pa 50 ija, ndi imene ili ndi malo oyendamo. Yachitatu kapena yachinayi pa ulendo womwewo imakhala yotopa, poti ofuna kugula ambiri analowa kale. Onaninso ngati pali nsonga yakale pakati pa inu ndi malo okafika. Ngati chaka chatha sheyayi inakanika kawiri pa 65, ndiye malo anu enieni okafika ndi 65, osati 72. Bwerezani masamu: kugula pa 61, sitopu pa 58, mukuika 3 kuti mupeze 4. Mbendera yomweyo, yokongola chimodzimodzi, koma imeneyo ine sindilowa.

Ndipo mukafuna kunditumizira chithunzi, lembanipo manambala asanu: pamene mlongoti wayambira, pamene wathera, pansi pa nsalu, pamene mzere woboolera uli lero, ndi nsonga yakale yoyandikira kutsogolo. Musadule timizati ta voliyumu pojambula.